Kupeza nthawi imodzi ya mitingi kuchokera pa masikirinishoti a makalendala a anthu okhala mayiko osiyana

Mwapempha anzanu a patimu kuti aliyense atumize kalendala yake ya sabata ya mawa, ndiye m'gulupu ya WhatsApp mwagwa zithunzi zinayi, china chojambulidwa pa foni, china pa laputopu, china chodulidwa m'mbali moti maola sakuoneka n'komwe, ndipo aliyense walemba kuti "nthawi iliyonse yomwe ndili fulii ili bhobho". Ambiri amangoyala zithunzizo n'kumayang'ana pomwe pali poyera pa zonse, akapeza kuti Lachiwiri 2 koloko palibe chilichonse basi atumiza linki. Tsiku likafika wina ali mu mitingi ina, wina sanadzuke. Chifukwa chake n'choti 2 koloko ya pa chithunzi chimodzi si 2 koloko ya pa chithunzi china, ndipo nthawi zina si 2 koloko ya mzinda womwe mukuganiza kuti munthuyo ali. Njira yake ndi imodzi: musafananitse zithunzi, yambani mwatembenuza zonse zikhale pa wotchi imodzi, kenako muzifufuza mpata.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Timu ya anthu anayi, inu muli ku Lilongwe, mayi wina ali ku London, bwana ali ku New York, mnyamata wa zamakompyuta ali ku Bengaluru ku India. Pakufunika mitingi ya pafupifupi ola limodzi m'sabata ya 9 mpaka 13 Malichi 2026, ndipo masikirinishoti atumizidwa Lachisanu pa 6 Malichi.

## Zofunika mukhale nazo

- Masikirinishoti onse, muwatsegule pa laputopu ngati ilipo, pa foni timizere ta maola timavuta kuona
- Pepala ndi bolopeni, kapena Excel kapena Google Sheets
- Mzinda womwe aliyense adzakhale pa tsiku la mitingi, osati komwe amakhala masiku onse
- Maola omwe aliyense amayamba ndi kuweruka ntchito
- Kutalika kwa mitingi, ndi mayina a anthu omwe popanda iwo mitingi siingachitike

Chomalizachi musachipeputse. Ngati mwa anthu asanu ndi awiri ofunika kwenikweni ndi atatu, ntchito yanu yachepa ndi theka musanayambe n'komwe.

## Sitepe 1: Onani kaye ngati chithunzi chilichonse chili chokwanira

Musanawerenge ola lililonse, pa chithunzi chilichonse fufuzani zinthu zitatu: madeti pamwamba, maola m'mbali, ndi kamzere ka pamwamba komwe kamaonetsa zochitika za tsiku lonse. Chimodzi chikasowa m'bwezereni mwini wake ajambulenso, musachite manyazi, kufunsa kumatenga mphindi imodzi pomwe kungoganizira kumakuonongerani sabata.

Madeti ndi ofunika chifukwa anthu amajambula sabata yolakwika, mwapempha ya mawa iye wajambula ino poti ndi yomwe inali yotsegula. Komanso makalendala ambiri a ku America sabata imayamba Lamulungu pomwe ena imayamba Lolemba, ndiye mukamangowerenga kuti danga lachiwiri ndi Lachiwiri mupezeka mukuwerenga Lolemba la bwana. Werengani deti, osati malo a danga.

Chenjezo: chithunzi chimangoonetsa zomwe zinakwana pa sikirini. Ngati cha bwana chikuyambira 10 koloko m'mawa, sizikutanthauza kuti 8 koloko ali fulii, zikutanthauza kuti simukudziwa. Ndipo pa timu ngati iyi maola a m'mawa ku New York ndi omwe mukuwafuna kwambiri.

## Sitepe 2: Dziwani kuti chithunzicho chili pa nthawi ya kuti

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndiye tikhalitsapo pang'ono.

Kalendala siimaonetsa nthawi ya komwe munthu ali, imaonetsa nthawi ya zoni yomwe inatcheredwa mu masetingi. Nthawi zambiri ziwirizi zimafanana, koma munthu akayenda zimasiyana. Pa Google Calendar ya pa kompyuta, mukatsegula sabata, pakona ya kumanzere pamwamba pa maola pamakhala kachizindikiro kakang'ono kotuwa, monga `GMT+02`, kosonyeza zoni yomwe kalendalayo ili. Kameneko ndiye kofunika kuposa china chilichonse pa chithunzipo, ndipo n'komwe anthu amakonda kudula akamakonza chithunzi kuti chioneke bwino.

M'chitsanzo chathu mwakulitsa chithunzi cha mayi wa ku London ndipo pakona palembedwa `GMT+03`. London siikhala pa +3 ngakhale nyengo imodzi. Mwawafunsa, akuti eya ndinali ku Nairobi ku wekishopu sabata yatha, laputopu inafunsa zosintha nthawi ndinavomera, pobwera ndaiwala kubweza. Ndiye chithunzi chawo chonse chili pa nthawi ya ku Kenya, koma iwo pa tsiku la mitingi adzakhala ku London. Muwalembere manambala awiri: +3 wowerengera chithunzi, 0 wowerengera maola awo a ntchito ndi nthawi yomwe mudzawauze. Mukasakaniza awiriwa zonse za m'munsimu zisokonekera.

Nanga ngati kachizindikiroko palibe? Pali kanjira. Sikirinishoti ya pa foni imakhala ndi wotchi pamwamba, ndipo WhatsApp imakuonetsani nthawi yomwe uthenga wafika pa wotchi ya foni yanu. Tinene kuti chithunzi cha mnyamata wa ku Bengaluru wotchi ikuti 19:42 ndipo kwa inu chafika 16:13, kusiyana kwake ndi maola atatu ndi theka, kuwonjezera pa +2 yanu ndi +5:30, zikugwirizana ndi India. Koma njirayi imagwira pokhapokha munthu atajambula n'kutumiza pompo, ndipo imakuuzani za wotchi ya foni, pomwe kalendala ikhoza kukhala pa zoni ina ngati `Use device time zone` inazimitsidwa. Ndiye mukakayika ngakhale pang'ono funsani funso losavuta: "mitingi ya Lachiwiri ija ikuoneka pa chithunzipa, kwanuko imayamba nthawi yanji pa wotchi ya pakhoma?" Yankho lake limathetsa nkhani.

## Sitepe 3: Lembani kusiyana kwa aliyense ndi UTC pa deti ya mitingi

UTC ndi wotchi yomwe mayiko onse amawerengerapo nthawi zawo, siisuntha chaka chonse, ndipo nambala ya pa kachizindikiro ka `GMT` kaja imawerengera pa wotchi yomweyi. Malawi ali pa +2, chimodzimodzi Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa, Kenya ndi Tanzania ali pa +3, India ali pa +5:30, ndipo onsewa sasintha mawotchi. Mwina n'chifukwa chake ife kuno nkhani yosintha mawotchi timaiiwala msanga, sitinakulire nayo.

Britain ndi America amasintha, ndipo sasinthira tsiku limodzi. Ku America amakankhira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lachiwiri la Malichi n'kubweza Lamulungu loyamba la Novembala. Ku Britain amakankha Lamulungu lomaliza la Malichi n'kubweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Mu 2026 ndiye kuti New York wasintha pa 8 Malichi pomwe London akudikira mpaka pa 29 Malichi, masabata atatu omwe kusiyana kwa mizinda iwiriyi kuli maola anayi m'malo mwa asanu omwe anthu anazolowera.

Taonani msampha uli m'chitsanzo chathu. Zithunzi zabwera pa 6 Malichi, tsiku limenelo New York ali pa -5. Mukalemba pa Google kuti mudziwe nthawi ya ku New York, ikupatsani ya lero, n'kupeza kuti ali m'mbuyo mwanu ndi maola 7. Koma mitingi ili pambuyo pa 8 Malichi, pomwe New York adzakhale pa -4, m'mbuyo mwanu ndi maola 6. Nambala yomwe mukufuna ndi ya tsiku la mitingi.

| Munthu | Powerenga chithunzi | Pa tsiku la mitingi |
|---|---|---|
| Lilongwe | +2 | +2 |
| London | +3 | 0 |
| New York | -4 | -4 |
| Bengaluru | +5:30 | +5:30 |

Kwa bwana, chithunzi cha sabata ya 9 mpaka 13 chikuonetsa maola a wotchi ya ku New York ya masiku amenewo, n'chifukwa chake talemba -4 konse ngakhale anajambula pa 6.

## Sitepe 4: Pezani zenera la maola a ntchito musanakhudze mamitingi

Musayambe kukopera chilichonse chomwe chili pa zithunzi, mutopa pachabe. Yambani ndi maola a ntchito, chifukwa pa timu yotalikirana chonchi maola omwe onse ali maso komanso ali pa ntchito ndi ochepa kwambiri, ndipo china chilichonse chomwe chili kunja kwa maola amenewo sichikukukhudzani.

Lamulo lake: nthawi ya kwanuko kuchotsa nambala ya zoni, mwapeza UTC. Nambala ikakhala ya mainasi ndiye kuti mukuwonjezera. Zili ngati munthu amene ali ndi makwacha, marandi ndi mapaundi m'thumba, sangawaphatikize asanawasinthe onse kukhala ndalama imodzi.

Inu mumagwira 8:00 mpaka 17:00, pa UTC ndi 6:00 mpaka 15:00. Mayi wa ku London 9:00 mpaka 17:30, pa UTC ndi chimodzimodzi poti ali pa 0. Bwana 8:00 mpaka 17:00, kuwonjezera 4, ndi 12:00 mpaka 21:00. Mnyamata wa ku Bengaluru amayamba mochedwerapo, 10:00 mpaka 19:00, kuchotsa 5:30, ndi 4:30 mpaka 13:30.

Tsopano tengani woyamba mochedwa kwambiri ndi woweruka msanga kwambiri. Woyamba mochedwa ndi bwana, 12:00. Woweruka msanga ndi wa ku Bengaluru, 13:30. Zenera lanu ndi 12:00 mpaka 13:30 UTC, mphindi 90 basi pa tsiku. Kwa inu ndi 14:00 mpaka 15:30, ku London 12:00 mpaka 13:30, ku New York 8:00 mpaka 9:30, ku Bengaluru 17:30 mpaka 19:00.

Mukanagwiritsa ntchito -5 uja, bwana akanaoneka ngati akuyamba 13:00 UTC, zenera likanatsala la mphindi 30, n'kuuza timu kuti ola lathunthu silingapezeke, pomwe lilipo.

Chenjezo: zikachitika kuti woweruka msanga akuweruka winayo asanayambe, zenera palibe, ndipo ngakhale muziyang'anitsitse bwanji zithunzizo simulipeza. Zikatero nkhani yasanduka yokambirana kuti ndani avomere kudzuka m'mamawa kapena kutsalira madzulo.

## Sitepe 5: Koperani zotanganidwa za m'zeneramo zokha

Pa chithunzi chilichonse yang'anani kagawo ka mphindi 90 kokha, kuphatikizapo chilichonse chomwe chikuthera kapena kuyambira m'mphepete mwake. Kwa mayi wa ku London samalani, chithunzi chawo chili pa +3, ndiye zenera pa chithunzipo lili pa 15:00 mpaka 16:30, osati pa 12:00.

Kulitsani chithunzi kuti muone bwino pomwe bokosi layambira ndi pomwe lathera. Bokosi lothera pakati pa mizere iwiri ya maola ndi hafu, koma kusiyanitsa 9:15 ndi 9:30 pa chithunzi chomwe WhatsApp yachifinya n'kovuta, ndiye ngati m'bokosimo mwalembedwa nthawi khulupirirani zolembedwazo. Apo ayi tengani bokosilo ngati lalikulupo, bola kutaya mphindi 15 kusiyana n'kugundanitsa mamitingi.

Zomwe tapeza, zonse titazitembenuza kale:

| Tsiku | Munthu | Pa chithunzi | UTC |
|---|---|---|---|
| Lolemba 9 | Lilongwe | 14:00–15:00 | 12:00–13:00 |
| Lolemba 9 | Bengaluru | 18:00–18:30 | 12:30–13:00 |
| Lachiwiri 10 | London | 15:00–16:00 | 12:00–13:00 |
| Lachiwiri 10 | Bengaluru | 18:30–19:00 | 13:00–13:30 |
| Lachitatu 11 | Lilongwe | 13:30–14:30 | 11:30–12:30 |
| Lachitatu 11 | New York | 9:00–9:30 | 13:00–13:30 |
| Lachinayi 12 | Bengaluru | 16:30–17:30 | 11:00–12:00 |
| Lachinayi 12 | New York | 9:15–10:00 | 13:15–14:00 |
| Lachisanu 13 | Lilongwe | tsiku lonse, ulendo wa ku Salima | tsiku lonse |

Anthu anayi pepala limakwana. Akachuluka, kapena ngati ntchitoyi muziichita sabata ndi sabata, ikani mu Excel kapena Google Sheets. Mu B lembani deti ndi nthawi yoyambira pamodzi, monga `2026-03-12 16:30`, mu C yothera, mu D nambala ya zoni, kenako mu E ndi F:

```
=B2-D2/24
=C2-D2/24
```

Nambala ya India muilembe `5.5`, osati `5.30`, chifukwa theka la ola ndi 0.5, mukalemba 5.30 zonse ziphonya ndi mphindi 12 ndipo simuzindikira msanga poti manambala ake amaoneka ngati abwinobwino. Ya New York ndi `-4`, fomula ichita yokha zowonjezera. Mu E ndi F mukatuluka nambala yachilendo ngati 46093 ndi madesimo, musadabwe, ingosinthani maonekedwe a selo akhale a deti ndi nthawi. Ndipo deti musaisiye, chifukwa kutembenuza kumatha kudumphitsa tsiku: 21:00 Lachitatu ku New York ndi 1:00 Lachinayi pa UTC.

## Sitepe 6: Dutsani tsiku ndi tsiku, muone chotsala

Jambulani mzere wa 12:00 mpaka 13:30 pa tsiku lililonse n'kumadetsa pomwe wina watanganidwa.

Lolemba mpaka 13:00 ndi potseka, kwatsala mphindi 30. Lachiwiri mayi atseka ola loyamba, wa ku Bengaluru watseka theka lotsalalo, palibe kanthu. Lachitatu pali kampata pakati, 12:30 mpaka 13:00. Lachisanu inu kulibe. Lachinayi kuyambira 12:00 mpaka 13:15 onse ali fulii, mphindi 75.

Tsopano taganizani mukanawerenga chithunzi cha mayi aja ngati cha nthawi ya ku London. Bokosi lawo la Lachiwiri la 15:00 mukanati lili kunja kwa zenera, ndiye Lachiwiri 12:00 mpaka 13:00 likanaoneka loyera bwinobwino, n'kuitanira mitingi pa ola lenileni lomwe iwo ali ndi ina. Choipa china, pa chithunzi chawo Lachinayi pali bokosi la 12:00 mpaka 13:00, mukanati latseka zenera n'kulitaya tsikulo, chikhalirecho pa UTC bokosi limenelo ndi 9:00 mpaka 10:00, lilibe nazo ntchito. Kachizindikiro kamodzi ka pakona kakanakusankhitsani tsiku lolakwika n'kukutayitsani lolondola.

## Sitepe 7: Sankhani ola lenileni, muliyese pa moyo wa munthu aliyense

Mpata wa pa pepala si onse womwe uli wabwino. M'mphindi 75 za Lachinayi, mukayamba 12:00 ndendende wa ku Bengaluru akhala akungotuluka kumene mu mitingi ina, ndipo mamitingi sakonda kutha pa nthawi yake. Mukayamba 12:15 kuti ola likwane, muthera pa 13:15 pomwe bwana akuyenera kukhala atalowa kale kwina, ndiye mphindi zomaliza zomwe mumagawana zochita iye adzakhala akutsanzika. Ine ndingasankhe 12:10 mpaka 13:00, mphindi 50, aliyense apeze kampata kopumira. Zokambirana za ola limodzi zimakwana mu mphindi 50 ngati ajenda yatumizidwa dzulo lake.

Tembenuzani kubwerera kwa aliyense, ulendo uno mukuwonjezera nambala ya zoni, ndipo kwa mayi aja gwiritsani 0, osati +3. Lilongwe 14:10 mpaka 15:00, London 12:10 mpaka 13:00, New York 8:10 mpaka 9:00, Bengaluru 17:40 mpaka 18:30.

Kenako dzifunseni zomwe kalendala siinena. Ku London ndi nthawi ya lanchi, anthu ambiri salemba lanchi pa kalendala. Ku New York 8:10 mwina bwana amakhala akusiya ana ku sukulu kapena ali m'sitima. Ku Bengaluru ndi nthawi yoweruka, misewu yake imadzadza kwambiri madzulo, ndiye ngati amachokera mu ofesi msanga kuthawa mzere wa magalimoto mitingi idzam'peza panjira. Kwa inu, ngati mukugwirira kunyumba, onani ndandanda ya kuzima kwa magetsi m'dera lanu ndipo bandulo ikhale yokwanira. Onaninso maholide a dziko lililonse, poti ambiri saoneka pa kalendala ya ntchito, ndipo ku India ena amasiyana chigawo ndi chigawo.

Khalani ndi nthawi yachiwiri yosungira. Apa ndi Lachitatu 12:30 mpaka 13:00 UTC, ngati timu ingavomere mitingi yaifupi.

## Sitepe 8: Tumizani msanga, ndipo lembani nthawi ya aliyense

Sikirinishoti imayamba kukalamba ikangojambulidwa. Ya Lachisanu pofika Lolemba masana wina amulowetsera kale mitingi pa mpata womwe munauwerengera, ndiye mukapeza nthawi tumizani tsiku lomwelo. Uthenga ukhale chonchi:

Mitingi ya timu, Lachinayi pa 12 Malichi 2026, mphindi 50.
Lilongwe 14:10, London 12:10, New York 8:10 m'mawa, Bengaluru 17:40.
Aliyense ayankhe kuti zatheka pofika Lolemba 12 koloko masana nthawi ya ku Lilongwe.

Mwezi muulembe ndi mawu. Mukalemba 12/03 bwana wa ku America awerenga kuti 3 Disembala, poti kwawo amayamba ndi mwezi.

Akavomera, pangani chiitano chenicheni cha pa kalendala, osangosiyira uthenga wa m'gulupu. Inu lowetsani 14:10 pa nthawi yanu, kalendala ya aliyense idzatembenuza yokha. Ndipo apa pali mayeso aulere: pemphani aliyense akuuzeni ola lomwe chiitanocho chikuonetsa kwa iye. Mayi aja akati chikuonetsa 15:10, masamu anu ali bwino koma laputopu yawo ikadali ku Nairobi, akonze mu `Settings` pa `Time zone` tsiku lisanafike.

Ngati mitingiyi izichitika sabata iliyonse dziwani kuti imamangirira pa zoni yomwe inapangidwira. Mukaipanga pa nthawi ya ku Lilongwe, inu ndi wa ku Bengaluru simudzaona kusintha, koma kuyambira pa 29 Malichi ku London izioneka pa 13:10, ndipo kuyambira pa 1 Novembala ku New York idzagwera pa 7:10 m'mawa, bwana asanayambe ntchito. Dziikireni chikumbutso chakumapeto kwa Okutobala kuti mudzawerengenso.

## Zolakwika zomwe zimabwerabwera

Kutenga poyera ngati fulii. Munthu amatha kukhala ndi makalendala awiri, ya ntchito ndi ya kunyumba, n'kujambula imodzi yokha, kapena ina anaibisa pochotsa kachizindikiro m'mbali. Poyera pamangotanthauza kuti palibe chomwe chinalembedwa pa kalendala yomwe mwaonetsedwayo.

Kutenga bokosi lililonse ngati khoma. Ili ndi vuto la mbali inayo, ndipo limataya mipata yambiri. Mabokosi ena ndi oti munthu anadzitsekera yekha kuti agwire ntchito mwakachetechete, ena ndi mamitingi omwe sanavomere n'komwe, pa Outlook osatsimikizika amakhala ndi timizere topendekera m'mbali. Mpata ukasowa, onani tsiku lomwe latsekedwa ndi munthu mmodzi yekha, m'funseni payekha ngati bokosi lakelo lingasunthe. M'chitsanzo chathu Lachinayi likanakanika, woyamba kufunsidwa akanakhala inu nomwe, chifukwa Lachitatu mukasuntha mitingi yanu ya 13:30 ija, 12:00 mpaka 13:00 UTC yatseguka kwa onse.

Kudumpha kamzere ka pamwamba. Tchuthi, ulendo, maliro, zambiri zimalembedwa ngati za tsiku lonse ndipo zimakhala kabokosi kopyapyala pamwamba pomwe m'munsi monse muli moyera. Tsiku looneka loyera kwambiri pa munthu wotanganidwa muzilikayikira.

Kukhulupirira zidule za mazoni. `IST` imaimira nthawi ya ku India, ya ku Ireland komanso ya ku Israel, `CST` ikhoza kukhala ya ku Chicago kapena ya ku China, ndipo anthu a ku New York amalemba `EST` chaka chonse ngakhale miyezi yomwe ali pa -4. Wa ku London naye akati `GMT` mu Juni nthawi zambiri akutanthauza wotchi ya pakhoma pake, yomwe ili pa +1. Funsani mzinda, nambala mupeze nokha.

Kutembenuza kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu. Bengaluru kupita ku Lilongwe, Lilongwe kupita ku New York, pofika kwa wachitatu mwaiwala ngati mumachotsa kapena mumawonjezera. Aliyense apite ku UTC payekha n'kubwerako payekha. Mukafuna kudziyesa kumbukani kuti dzuwa limayamba kutuluka kum'mawa, ndiye pa anayiwa wotchi ya ku Bengaluru iyenera kukhala patsogolo pa onse, kenako Lilongwe, London, New York pambuyo. Mndandanda wanu ukasemphana ndi dongosolo limeneli, pena pake mwatembenuza chizindikiro.

Kuiwala theka la ola la India, kapena kusokoneza 12 AM ndi 12 PM pa zithunzi za maola 12. Pokopera sinthani zonse zikhale za maola 24 nthawi yomweyo.

Kuvutika ndi zithunzi pomwe simukuyenera kutero. Ngati nonse muli pa imelo ya kampani imodzi, `Find a time` ya mu Google Calendar kapena `Scheduling Assistant` ya mu Outlook imakuonetsani makalendala a onse pa nthawi yanu, atsopano osati a Lachisanu lapita. Masikirinishoti ndi a pomwe anthu ali m'mabungwe osiyana ndipo simungaone kalendala ya mnzanu. Zikakhala choncho, ulendo wina popempha nenani zomwe mukufuna kuyambira pachiyambi: sabata yakuti, madeti aoneke, kachizindikiro ka `GMT` kasadulidwe, ndipo poti zenera mukulidziwa kale muuzeni aliyense maola ake oti ajambule, bwana 7:00 mpaka 11:00, wa ku Bengaluru 16:00 mpaka 20:00. Auzeninso kuti mayina a mamitingi ndi a makasitomala akhoza kuwafufuta asanaponye m'gulupu, inu mukungofuna mabokosi ndi maola ake.